Mapointi 14 owerengedwa chozondoka

Sikolashipu yomwe ndinalonjezedwa ndili Folomu 4 inandipulumuka m'manja zotsatira za MSCE zitangotuluka, ngakhale kuti ndinakhoza bwino kuposa momwe aliyense kwathu ankayembekezera. Ndinapeza mapointi 14. Bungwe lomwe linandilonjeza thandizolo linandilembera kuti zotsatira zanga sizinafike pamlingo womwe tinagwirizana, choncho ndalamazo zipita kwa wophunzira wina. Mbali yaikulu ya chisokonezochi inachokera m'manja mwanga, ndipo njira yomwe ndinayamba nayo pofuna kukonza zinthu inatsala pang'ono kutseka khomo lomwe linali likadali lotsegula.

Bungwelo ndi laling'ono. Ndalama zake zimasonkhedwa ku Mangalande, komwenso kuli komiti yomwe imagamula zonse, pomwe kuno kwathu lili ndi ofesi ya chipinda chimodzi ku Lilongwe. Mu ofesimo mumakhala mayi mmodzi yemwe ntchito yake ndi kulipira fizi kusukulu ndi kusunga malisiti. Kalata yondilonjeza thandizo inabwera kudzera kwa ahedi athu tisanalembe mayeso, ndipo inali ndi mfundo imodzi yomwe ndinailoweza pamtima. Ndinayenera kupeza giredi 6 kapena yoposerapo m'maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi ndi Masamu. Ndikatero, iwo adzandilipirira fizi, malo ogona ndi chakudya kuyunivesite.

Kwa Mmalawi aliyense yemwe anadutsa ku sekondale, mfundo imeneyi ndi yomveka bwino. Pa mayeso a MANEB, giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungokhoza chabe, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amapezeka pophatikiza magiredi a maphunziro asanu ndi limodzi omwe munthu wachita bwino kwambiri, n'chifukwa chake wamapointi 6 ndiye katswiri. Kunena kuti giredi 6 kapena yoposerapo n'chimodzimodzi kunena kuti makirediti asanu ndi limodzi, womwenso ndi mlingo wolowera kuyunivesite zaboma. Ine ndinapeza 1 pa Bayoloje, 2 pa Masamu, 2 pa Kemisitiri, ndi 3 pa Chingerezi, Fizikisi ndi Zaulimi. Pa Chichewa ndinapeza 4. Jogalafe yokha ndiyo inandivuta, ndinapeza 7, koma imeneyo siinalowe m'gulu la maphunziro owerengera mapointi.

Chaka chimenecho bungwelo linasintha kachitidwe. Kale ahedi ankatumiza zotsatira kwa mayi a ku Lilongwe aja, iwo n'kuziona kenako n'kuuza komiti. Tsopano wophunzira aliyense anayenera kudzaza fomu ya pa intaneti yopita ku komiti mwachindunji, n'kuikapo chithunzi cha silipi ya zotsatira. Ndinajambula silipi yanga ndi foni ya mlongo wanga, koma chithunzicho chinkakana kukwera. Chinkafika pakati n'kuima, bandulo n'kumatha. Nditaona kuti tsiku lomaliza layandikira, ndinasiya chithunzicho n'kulemba magiredi anga m'kabokosi ka ndemanga, phunziro lililonse ndi nambala yake. Sindinalembe kuti mayeso ake ndi a MSCE. M'maganizo mwanga munalibe mayeso ena padziko lapansi omwe munthu akanawaganizira.

Patapita masiku ochepa panabwera imelo yaifupi yochokera kwa munthu yemwe anati ndi wongodzipereka ndipo wangoyamba kumene kuthandiza komiti. Ankafuna kudziwa ngati magiredi omwe ndinalemba ali pa sikelo ya 9-1. Ndinawerenga ndili pamzere kuchigayo. Ndinaganiza kuti magiredi athu amayambira 1 kulekezera 9, ndiye sikelo yake ndi yomweyo, kusiyana kwake n'koti iye wayambira kumapeto. Ndinayankha kuti inde, n'kubweza foni m'thumba.

Kalata yolanda sikolashipu itabwera, sindinaiwerenge monga munthu amawerengera kalata. Maso anga anangogwera pa chiganizo chonena kuti thandizo lachotsedwa, zina zonse zinasanduka chifunga. Mayi anakhala pakhonde osayankhula mpaka dzuwa linalowa. Iwo anali atauza kale amayi anzawo a kumpingo kuti mwana wawo akupita kuyunivesite osalipira ngakhale tambala. Madzulo ake anabwera amalume, ndipo atamva nkhaniyi sanachedwe kugamula.

"Mphwanga, apa palowa dzanja la munthu. Mapointi 14 angakhale ochepa kwa ndani? Malo akowo agulitsidwa, pali mwana wa bwana wina yemwe wawatenga."

Ndinawakhulupirira, chifukwa panalibe chifukwa china chomwe ndikanachiona. Usiku womwewo ndinalemba imelo yaitali kwa komiti. Ndinafotokoza za imfa ya bambo, za mtunda womwe ndinkayenda kupita kusukulu, za nyali yomwe ndinkawerengera. Kenako ndinalemba kuti ndikudziwa kuti pachitika katangale, ndipo ndinatchula ofesi ya ku Lilongwe ngati komwe kwachokera zonsezi. M'imelo yonseyo ndinabwereza kangapo kuti ndapeza mapointi 14, koma sindinafotokoze kuti mapointi amenewa amatanthauzanji. Kwa munthu woganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino, mapointi 14 pa maphunziro asanu ndi limodzi ankangotsimikizira zomwe anali ataganiza kale. Yankho linabwera la mizere iwiri, loti amva chisoni ndi mavuto anga koma chigamulo chinatengera zotsatira zomwe ndinapereka ndekha.

Amalume anati tipite ku Lilongwe tikaonane nawo maso ndi maso. Mayi anabwereka ndalama ya minibasi kubanki nkhonde. Tinapita osapangana ndi aliyense, tinapeza ofesi yotseka, ndipo mlonda anatiuza kuti mayi a mu ofesimo apita kukayendera sukulu za kumpoto. Amalume analemba kakalata n'kusiya kwa mlondayo, kotchula dzina la munthu wina wodziwika yemwe ankati akhoza kuimba foni. Pambuyo pake ndinamva kuti kakalatako kanawapweteka mtima mayi aja kuposa imelo yanga, chifukwa kankaoneka ngati kuopseza. Iwo analibe mphamvu iliyonse pa chigamulocho. Anangolandira mndandanda wa mayina a oti awalipirire, langa mulibe, ndipo magiredi anga anali asanawaone n'komwe.

Kwa ahedi ndinapita mochedwa, chifukwa cha manyazi. Anandikhazika pampando, n'kuvala magalasi, n'kuwerenga kalata yolandayo kuyambira pa deti mpaka pa siginecha, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Atafika pa ndime yachiwiri anaima.

"Iwe, bwera kuno. Wawerenga apa?"

"Ndinawerenga, aphunzitsi."

"Sunawerenge. Akuti phunziro limodzi lokha ndilo lafika pamlingo, ndipo alitchula. Jogalafe. Pa Jogalafe unapeza chiyani?"

"Ndinapeza 7."

"Ndiye munthu woyamikira 7 n'kukana 1 wa Bayoloje ndi wakuba kapena akuwerenga chozondoka?"

Ndinawaonetsa imelo ya funso lija, iwo n'kuitana aphunzitsi a Masamu omwe anachitako maphunziro ena ku Mangalande. Iwowa atangoona 9-1 anagwedeza mutu. Anatifotokozera kuti kumeneko mayeso a GCSE, omwe ana amalemba ali ndi zaka pafupifupi 16, anasiya kugwiritsa ntchito zilembo za A* mpaka G n'kuyamba manambala, kuyambira mu 2017 pa Chingerezi ndi Masamu, maphunziro ena n'kutsatira m'zaka zotsatira. Pa sikelo imeneyo 9 ndiye pamwamba, 1 ndiye pansi. Giredi 4 ndiyo imatengedwa kuti munthu wakhoza, ndipo 7 imafanana ndi A wakale. Dzina lakuti 9-1 ndi la sikelo imeneyo, ndipo limayambira pa 9 dala pofuna kuonetsa komwe kuli pamwamba. Poyankha kuti inde, ndinauza komiti kuti pa Bayoloje ndinali pansi penipeni, pa Masamu ndi Chingerezi sindinakhoze, ndipo Jogalafe yokha ndiyo ndinachita bwino. Mfundo ija ya giredi 6 kapena yoposerapo inalembedwa kale ndi anthu odziwa MSCE, koma kwa wowerenga watsopanoyo inkatanthauza 6, 7, 8 ndi 9.

Ahedi anandionetsanso ndime yomaliza ya kalatayo, yomwenso ndinaidumpha. Inkanena kuti wosakhutira akhoza kupempha komiti kuti iganizenso pasanathe masiku 21, polembera wapampando, ndipo apereke umboni watsopano. Imelo yanga yaukali inapita kwa munthu wina, inalibe umboni uliwonse, ndipo siinapemphe chilichonse chomwe komiti ikanachita. Nthawi yambiri ya masiku amenewo inali itapita kale pa ulendo wa ku Lilongwe ndi kudandaula.

Tinayamba ndi mapepala, kalata inabwera pambuyo. Ahedi anati pa nkhani ngati iyi mawu anga okha sangakwanire, popeza ndi mawu anga omwe anasokoneza zinthu poyamba. Pankafunika mapepala ochokera kwa anthu ena. Loyamba linali silipi ya zotsatira. Satifiketi yeniyeni imatuluka patapita nthawi, ndiye silipi ndiyo inali umboni wokhawo wochokera kwa olemba mayeso. Fotokope wamba siikanakwanira, inafunika chidindo cha wolumbiritsa anthu chotsimikiza kuti ikufanana ndi pepala lenileni. Apanso ndinapunthwa. Ndinapita kukhothi la majisitireti ndi fotokope yokha, silipi yeniyeni nditaisiya m'sutikesi poopa kuitaya, ndipo anandibweza. Munthu sangatsimikize kope la pepala lomwe sanalione. Ndinabwerera kunyumba kukaitenga.

Pepala lachiwiri linali kalata ya ahedi, yolembedwa pa pepala la sukulu ndi kudindidwa. Sanalembemo zonditamanda. Analemba kuti ndinalemba mayeso a MSCE pasukulu yawo, nambala yanga ya mayeso ndi yakuti, ndipo anafotokoza tanthauzo la giredi iliyonse kuyambira 1 mpaka 9. Anaikanso nambala ya foni ya sukulu kuti wofuna kutsimikiza aimbe. Lachitatu linali chikalata chosindikizidwa chofotokoza zoyenereza munthu kulowa kuyunivesite zaboma, pomwe pamalembedwa za makirediti asanu ndi limodzi. Aphunzitsi a Masamu ndiwo anaumirira chimenechi. Anati komiti ione kuti kawerengedwe kameneka n'ka dziko lonse, kosati ka sukulu yathu pofuna kuthandiza mwana wake.

Kalata yanga inandivuta kulemba kuposa mayeso. Zomwe ndinalemba koyamba zinadzaza masamba atatu, ndipo ahedi anazidula ndi cholembera chofiira mpaka panatsala tsamba limodzi. Nkhani ya nyali ndi mtunda wa kusukulu anaichotsa yonse.

"Umphawi wako anauona kale, n'chifukwa chake anakusankha. Sanakulande chifukwa choti walemera. Yankha chomwe anakulandira."

Zomwe zinatsala zinayenda motere. Pamwamba panali nambala ya fayilo yanga ndi deti la kalata yawo, kuti asavutike kundifufuza. Chiganizo choyamba chinanena chomwe ndikupempha, kuti komiti iunikenso chigamulo chake chifukwa magiredi anga anawerengedwa pa sikelo yomwe si yake. Kenako ndinakopera mfundo ya m'kalata yondilonjeza momwe inalembedwera, osasintha liwu. Ndinafotokoza momwe kusamvana kunayambira, kuti chithunzi chinakana kukwera, ndinalemba manambala opanda dzina la mayeso, ndipo funso la sikelo ndinaliyankha molakwa chifukwa sindinkadziwa kuti pali sikelo ina yotchedwa choncho. Sindinaloze chala wongodzipereka uja. Iye anafunsa funso loyenera ndipo anachita zogwirizana ndi yankho lomwe analandira.

Pakati pa tsambalo tinaika tebulo la magawo atatu, dzina la phunziro, giredi, ndi tanthauzo lake pa MSCE. Bayoloje, 1, distinkishoni. Masamu, 2, distinkishoni. Chingerezi, 3, kirediti. Choncho mpaka pansi. Ine ndinkafuna kusiya Jogalafe kunja, koma aphunzitsi a Masamu anakana. Anati Jogalafeyo ndiye mboni yanga yaikulu. Tinailemba, 7, kungokhoza, n'kuwonjezera chiganizo chimodzi chonena kuti phunziro lomwe kalata yawo inati lafika pamlingo ndilo lokhalo lomwe silinafike, ndipo maphunziro asanu ndi awiri omwe anati sanafike onse anafika. Panali chinthu chimodzi chomwe ndinkalakalaka kuchita koma anandiletsa, chosandutsa magiredi anga kukhala a GCSE, kunena kuti 1 wathu ndi 9 wawo. Mayeso awiriwa ndi osiyana, ndipo kufananiza koteroko ndi ntchito ya mabungwe oona za maphunziro. Ndikanalemba ndekha, ndikanapereka chinthu choti munthu atsutse. Mfundo ya mgwirizano inali ya MSCE, ndipo chomwe ndinafunika kuonetsa n'choti pa MSCE ndinaikwaniritsa.

Ndime yomaliza inali ndi zinthu ziwiri. Choyamba, ndinabweza mawu a katangale aja ndi kupepesa, mwachidule komanso mosazungulira, n'kunena kuti ndinalibe umboni uliwonse ndipo mayi a ku Lilongwe sanalakwe kanthu. Chachiwiri chinali maganizo a ahedi, omwe ine sindinawakonde poyamba. Anati ndilembe kuti ngati ndalama za chaka chino zapatsidwa kale kwa wina, ndikupempha kuti andiganizire pa gawo lotsatira la ndalama popanda kuyambiranso kufunsira. Ndinaona ngati ndikudzigonjetsa ndekha. Iwo anati komiti ikapatsidwa njira imodzi yokha, njirayo n'kukhala yosatheka, yankho limakhala ayi basi.

Ulendo uno sindinadalire foni. Tinapita pamalo pomwe amasindikiza mapepala paboma, anasikana zonse n'kuziphatikiza kukhala fayilo imodzi ya PDF, kalata pamwamba, maumboni pambuyo motsatana momwe ndinawatchulira. Ndinatumiza kwa wapampando, kope kwa mayi a ku Lilongwe, n'kupempha kuti andidziwitse akalandira. Mayiwo ndinawaimbiranso foni. Mawu anga ankanjenjemera.

"Mayi, ndine mwana uja ndinakunenani zoipa. Ndinalakwa, mundikhululukire."

Anakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Mwana wanga, ukanangondiimbira tsiku lomwe kalata inabwera. Magiredi amenewa ndikanangowaona kamodzi. Fayilo yako ndaiona, ndiwalembera inenso."

Njira imeneyi inandithandiza chifukwa chakuti zotsatira zanga zinali zokwanira, cholakwika chinali kawerengedwe kokha. Mnzanga wina wa m'kalasi, yemwe ankathandizidwa ndi bungwe lina, anapeza 7 pa Chingerezi pomwe ankafuna kirediti. Anandipempha kalata yanga kuti akopere, koma kalata yoteroyo sikanamuthandiza, chifukwa kwa iye panalibe chomwe chinawerengedwa molakwa. Pempho lake linayenera kukhala lina, loti amusungire malo kufikira atalembanso mayeso. Munthu akalandira kalata yotere, poyambira ndi kuika mapepala atatu pamodzi, kalata yolonjeza, kalata yolanda ndi silipi, n'kuona ngati chifukwa chomwe chaperekedwa chikugwirizana ndi zomwe zili pa silipi. Ngati sichikugwirizana, kawirikawiri kalata yolandayo imaulula yokha pomwe pasokonekera, monga yanga inachitira ndi Jogalafe.

Komiti imakumana kamodzi pa miyezi itatu, ndiye ndinadikira. Pa nthawi yodikirayo mayina a osankhidwa kupita kuyunivesite zaboma anatuluka, langa lilimo, ndipo ndinatumiza tsambalo kuti aliphatikize pa fayilo yanga. Yankho lawo linabwera lolembedwa ndi wapampando mwini. Anavomera kuti ndinakwaniritsa mfundo ya mgwirizano ndipo chigamulo choyamba chinali cholakwika. Koma ndalama za chaka choyamba zinali zitalonjezedwa kale kwa mtsikana yemwe anali woyamba pa mndandanda wa odikira, ndipo kalata yake inatumizidwa pomwe ine ndinali kalikiliki ndi imelo yaukali ndi ulendo wa ku Lilongwe. Sakanamulanda. Zinandipweteka, koma sindikanafuna kuti mwana wa munthu alandire kalata ngati yomwe ndinalandira ine, iye wosalakwa chilichonse.

Anandibwezera sikolashipu kuyambira chaka chachiwiri mpaka kumaliza, malinga ndikhoze chaka choyamba, ndipo pa chaka choyambacho anapeza ndalama ya mabuku yokha. Ngongole ya boma ya ophunzira sindinafunsire pa nthawi yake, poti ndinkadziona ngati munthu yemwe ali kale ndi thandizo, ndiye khomo limenelo linali litatsekeka chaka chimenecho. Mayi anagulitsa soya yense wa chaka chimenecho ndi mbuzi ziwiri. Amalume, omwe anapita okha ku Lilongwe kukapepesa za kakalata kaja, analipira chipinda chomwe ndinkagona ndi anzanga atatu kunja kwa sukulu. Fizi ya semesita yachiwiri ndinaimaliza kulipira kutatsala sabata imodzi kuti mayeso ayambe. Mayi a ku Lilongwe anandiuza kuti fomu ija inasinthidwa, tsopano imayamba yafunsa dzina la mayeso, ndipo zotsatira za ana a kuno zimadutsanso kwa iwo zisanapite ku komiti. Ngongole ya kubanki nkhonde, yomwe inakula ndi chiwongoladzanja, tinaimaliza kubweza ndili chaka chachiwiri.